Aphunzitsi akuti lipoti langa la mu labu likumveka ngati lolembedwa ndi makina

Funso: Ndili chaka choyamba m'maphunziro a sayansi. Aphunzitsi a fizikisi andibwezera lipoti la ekisiperimenti ya pendulamu atalemba m'mbali kuti ziganizo zanga ndi zouma, zikumveka ngati sanalembe ndi munthu. Chonsecho ndinalemba ndekha, ndipo ndinayesetsa kuti zimveke zapamwamba. Ndikuopa kuti ndikazifewetsa zimveka ngati macheza. Ndatumiza lipotilo limodzi ndi tsamba lomwe ndinalembapo manambala tsikulo. Ndikonze bwanji?

Yankho: Ndawerenga zonse ziwiri, ndipo chomwe chandidabwitsa n'chakuti tsamba lanu la manambala, ngakhale lili ndi zofufutafufuta, likufotokoza ekisiperimentiyi bwino kuposa lipoti lenilenilo. Patsambapo pali kutalika kwa chingwe, pali madigiri omwe munakokera mpira, pali nthawi zitatu zomwe munayeza, palinso kachithunzi kosonyeza pomwe rula inathera. Mu lipoti zonsezi zasowa, m'malo mwake mwalowa mawu akuluakulu. Vuto lanu lagona pamenepo. Chiganizo cha mu lipoti chimauma chikasiya kunena kuti chinachitika n'chiyani, pa chinthu chiti, ndipo mochuluka bwanji. Chikatero chimatha kulowa mu lipoti lina lililonse osasintha ngakhale liwu limodzi, ndipo wowerenga amamva kuti wolembayo sanali m'chipindamo pomwe pendulamu inkayenda. Choncho mankhwala ake si kusaka mawu ofewa kapena kusinthanitsa liwu ndi linzake lofanana nalo. Muyenera kubwerera ku tsamba lija.

Zitsanzo zanu ndaziika m'Chichewa kuti tonse titsatire, koma matendawa ndi amodzimodzi m'chilankhulo chilichonse chomwe lipoti lalembedwa.

Tiyambe ndi chiganizo choyamba cha gawo la njira yomwe munatsata. Munalemba kuti:

"Kuyezedwa kwa nthawi ya kayendedwe ka pendulamu kunachitidwa pogwiritsa ntchito chipangizo choyenera n'cholinga chofuna kuonetsetsa kuti papezeke zotsatira zolondola."

Funani mneni wamkulu m'chiganizochi. Mupeza kuti ndi "kunachitidwa", liwu lomwe silikunena ntchito iliyonse. Ntchito yeniyeni, yomwe ndi kuyeza, mwaisandutsa dzina n'kuiika kumayambiriro kuti "kuyezedwa kwa". Mneni akasanduka dzina chonchi amakoka mzere wa "kwa", "ya", "ka" pambuyo pake, ndipo chiganizo chimafunika mneni wina wopanda kanthu woti achinyamule, monga "kunachitidwa", "kunachitika" kapena "kunakwaniritsidwa". Ichi ndi chizindikiro choyamba choti muzichisaka ndi pensulo m'manja. Paliponse pomwe mwapeza mneni wopanda kanthu, yang'anani kumbuyo kwake, mupeza ntchito yeniyeni itabisala m'dzina. Itulutseni ikhalenso mneni: "Nthawi inayezedwa". Mawu asanu ndi atatu aja afupika kukhala awiri, tanthauzo silinachoke.

Kenaka funsani chiganizocho mafunso omwe mnzanu wofuna kubwereza ekisiperimentiyi angakufunseni. Chipangizo choyenera ndi chiti? Tsamba lanu likuti sitopuwotchi. Nthawi ya kayendedwe kotani, ulendo umodzi wopita ndi kubwerera kapena maulendo angapo? Tsamba likuti maulendo 20. Munayeza kangati? Katatu. Nanga mchira uja wakuti "n'cholinga chofuna kuonetsetsa kuti papezeke zotsatira zolondola"? Palibe amene amayeza n'cholinga choti alakwitse, choncho mawuwa paokha sakuuza wowerenga kanthu. Koma pansi pake pali chifukwa chenicheni chomwe mumachidziwa: chala cha munthu chimachedwa kapena kufulumira pang'ono podina wotchi, mwina ndi masekondi 0.2, ndipo mukayeza maulendo 20 nthawi imodzi kuphonyako kumagawanika pa maulendo onsewo. Chimenecho ndiye choyenera kulembedwa. Onani mmene zikhalire:

"Mpira wachitsulo unamangidwa ku chingwe chotalika 0.800 m, ndipo unakokedwa pambali madigiri 8 n'kusiyidwa. Nthawi ya maulendo 20 opita ndi kubwerera inayezedwa katatu ndi sitopuwotchi. Kuyeza maulendo 20 m'malo mwa umodzi kumachepetsa mphamvu ya kuchedwa kwa chala podina wotchi."

Mawu achuluka kuposa poyamba, ndiye musaganize kuti kukonza n'kufupikitsa nthawi zonse. Chasintha n'chakuti liwu lililonse tsopano lanyamula katundu. Ndipo taonani, palibe pomwe pakumveka ngati macheza. Mantha anu aja achokera pa kuganiza kuti kalembedwe kovomerezeka ndi mawu aatali. Ayi. Mu sayansi kulemba movomerezeka ndi kutchula chinthu ndi dzina lake lenileni, kupereka nambala limodzi ndi muyeso wake, kusiya nthabwala ndi mawu a m'misewu, komanso kusanena zoposa zomwe manambala akuloleza. Chiganizo chachifupi chimatha kukwaniritsa zonsezi.

Mwina mwaona kuti sindinachotse aneni ochitidwa, "unamangidwa", "unakokedwa", "inayezedwa". Ophunzira ambiri amauzidwa kuti kuuma konse kumachokera kwa aneni amenewa, ndipo amathamangira kulemba "ndinamanga, ndinakoka, ndinayeza" m'chiganizo chilichonse. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. M'gawo la njira, wowerenga akufuna kudziwa zomwe zinachitikira mpira ndi chingwe, osati dzanja lomwe linagwira, choncho mneni wochitidwa ali pamalo pake. Chomwe chimaumitsa ndi mneni wochitidwa wopanda chinthu chogwirika patsogolo pake, monga "zinaonedwa kuti", "zinapezeka kuti", "kunaganiziridwa kuti". Pa nkhani ya "ndina-" ndi "tina-", madipatimenti amasiyana: ena amalola, ena amakaniratu. Onani malangizo omwe munapatsidwa ndipo muwatsate. Ngati amalola, asungireni malo omwe inu munapanga chiganizo chomwe wina akanapanga mosiyana, monga "tinataya muyeso wachinayi chifukwa mpira unagunda mwendo wa tebulo". Pamenepo wowerenga amafunadi kudziwa kuti anasankha ndani.

Tipite ku gawo la zotsatira, komwe munalemba kuti:

"Kuonjezera apo, zinaonedwa kuti zotsatira zomwe zinapezeka zinali zogwirizana kwambiri ndi zomwe zimayembekezeredwa malinga ndi chiphunzitso."

Chiganizochi ndi chosalala, ndipo kusalalako ndi komwe kwachititsa aphunzitsi anu kutenga cholembera chofiira. Mulibe nambala ngakhale imodzi, pomwe gawo lonseli ndi la manambala. "Zogwirizana kwambiri" ndi chigamulo chomwe mwapereka popanda umboni. Tiyeni tiwerengere limodzi kuchokera pa tsamba lanu. Nthawi zitatu zija ndi 36.2 s, 36.5 s ndi 36.3 s. Avareji yake ndi 36.33 s, ndipo tikagawa ndi 20 tipeza kuti ulendo umodzi, T, unatenga 1.817 s. Fomula yomwe munagwiritsa ntchito popeza g, nambala yosonyeza mphamvu yomwe dziko limakokera zinthu pansi, ndi iyi:

```
g = 4π²L / T²
```

Tikaikamo kutalika kuja, L = 0.800 m, tipeza g = 9.57 m/s². Nambala yodziwika ndi 9.81 m/s². Kusiyana kwake ndi 0.24 m/s², pafupifupi 2.5 peresenti. Kodi kumeneko ndi kugwirizana kwambiri? Zitengera kuti zida zanu zikanatha kuphonya mochuluka bwanji, ndipo tifikapo posachedwa. Pakadali pano chiganizo chanu chingonena zomwe zilipo:

"Avareji ya nthawi ya maulendo 20 inali 36.33 s, kutanthauza kuti T = 1.817 s. Izi zikupereka g = 9.57 m/s², yomwe ndi yotsika ndi 2.5 peresenti poyerekeza ndi 9.81 m/s²."

Wowerenga tsopano akhoza kudzigamulira yekha. Ndidutsireko pa kanthu kena komwe ndaona mu tebulo lanu: munalemba g = 9.56972. Kukopera manambala onse omwe kakyuleta yatulutsa kumamvekanso ngati makina, mwina kuposa mawu aja, chifukwa munthu yemwe anagwira rula ndi wotchi amadziwa kuti sakanatha kuyeza mpaka pamenepo. Kutalika munakuyeza ndi manambala atatu odalirika, choncho yankho lisapitirire atatu.

Nanga "kuonjezera apo" wapita kuti? Ndamuchotsa. Ndawerenga mu lipoti lanu, ziganizo zisanu ndi chimodzi mwa khumi za gawoli zikuyamba ndi "kuonjezera apo", "komanso", "motero" kapena "potero". Alumikizi otere akakhala pakhomo pa chiganizo chilichonse amakhala ngati zomatira zoikidwa pa matabwa omwe sakukumana. Yesani izi: phimbani mlumikizi ndi chala n'kuwerenga ziganizo ziwirizo. Ngati zikutsatirana bwino popanda iye, muchotseni. Ngati sizikutsatirana, mlumikizi sangazipulumutse, vuto lili m'kasanjidwe. Ziganizo zimagwirana zokha pamene chachiwiri chayambira pa chinthu chomwe choyamba chathera. M'chitsanzo chapamwambachi, choyamba chathera pa T, chachiwiri chayamba ndi "izi" kuloza T yemweyo n'kuthera pa chinthu chatsopano, kusiyana kwa 2.5 peresenti, komwe ndime yotsatira idzayambire. Zodziwika kale zitsogole, zatsopano zitsirize. Alumikizi oyenera kutsala ndi okhawo omwe akunena ubale weniweni: "chifukwa" pomwe pali chifukwa, "koma" pomwe pali kutsutsana, "choncho" pomwe chachiwiri chikuchokeradi m'choyamba.

Tsopano tafika pa chiganizo chomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe malikisi ambiri amatayikira. M'gawo lokambirana zotsatira munati:

"N'zotheka kuti mwina kusiyana kumeneku kukhoza kukhala kuti kunadza chifukwa cha zinthu zosiyanasiyana monga kulakwitsa kwa munthu, mphepo komanso kuperewera kwa zipangizo."

Pazaka zomwe ndakhala ndikuchonga malipoti, chiganizo ichi ndachiona pa ekisiperimenti ya magetsi, ya asidi, ya magalasi a kuwala, ya mbewu zomera mumdima, chosasintha ngakhale pang'ono. Chili ndi matenda awiri. Oyamba ndi kukayika kounjikana: "n'zotheka", "mwina", "kukhoza kukhala". Kukayika kumaloledwa mu sayansi, ndipotu kumafunika, koma kamodzi kokha komanso pamalo pomwe mukukayikadi. Mukakayika katatu m'chiganizo chimodzi, wowerenga amaona kuti mukuthawa kugwidwa. Achiwiri ndi mndandanda wa zifukwa zitatu zoikidwa mofanana ngati zonse n'zolemera chimodzimodzi. Sizili choncho, ndipo ntchito ya gawoli ndi kuziyeza chimodzichimodzi n'kuona chomwe chingakwanitse kufotokoza kusiyana komwe mwapeza. Simungakonze chiganizochi ndi luso la mawu lokha. Muyenera kuganiza kaye fizikisi yomwe munaidumpha.

Tiyese "kulakwitsa kwa munthu". Ngati mukutanthauza chala pa wotchi, tili ndi poyambira. Masekondi 0.2 pa masekondi 36.3 ndi pafupifupi 0.6 peresenti. Popeza T imadzichulukitsa yokha mu fomula, kuphonyako kumawirikiza kawiri pa g, kukhala pafupifupi 1.1 peresenti, kapena 0.1 m/s². Kusiyana kwanu ndi 0.24, kuposa kawiri pamenepo. Palinso china. Chingwe chikanakhaladi 0.800 m, maulendo 20 akanatenga pafupifupi 35.9 s. Miyeso yanu yonse itatu ili pamwamba pa nambala imeneyi, palibe ngakhale umodzi womwe wagwera pansi pake. Chala chophonya mwangozi chimaphonyera mbali zonse ziwiri. Miyeso yonse ikapendekera mbali imodzi, ndiye kuti pali china chokhazikika chomwe chikuikankha.

Mphepo, kapena tinene kukana kwa mpweya, imachepetsa kutalika kwa ulendo wa mpira pang'onopang'ono, koma pa mpira wolemera wachitsulo sisintha nthawi ya ulendo mokwanira kuti sitopuwotchi ya pamanja ione. Imeneyo ituluke. Madigiri omwe munakokera mpira akanatha kukhala chifukwa, pakuti fomula ija imagwira bwino mpira ukamayenda pang'ono chabe: pa madigiri 25 nthawi imatalika ndi pafupifupi 1.2 peresenti, zomwe zikanatsitsa g ndi pafupifupi 2.4 peresenti, pafupi kwambiri ndi zomwe mwapeza. Koma tsamba lanu likuti madigiri 8, ndipo pansi pa madigiri 10 nthawi sitalika kuposa 0.2 peresenti. Apa mwaona chifukwa chomwe ndinaumirira kuti "madigiri 8" alowe m'gawo la njira: popanda nambala imeneyo wowerenga sangathe kuchotsa chifukwa ichi pamndandanda.

Chatsala ndi kutalika. Pa kachithunzi kanu, muvi wa L wathera pamwamba pa mpira, pomwe chingwe chamangidwira. Koma L ya mu fomula imayezedwa kuchokera pomwe chingwe chapachikidwa kufika pakati pa mpira. Pamndandanda wa zida munalemba kuti mpirawo m'mimba mwake ndi 4.0 cm, ndiye kuti kuchokera pamwamba kufika pakati ndi 2.0 cm. Masentimita awiri pa masentimita 80 ndi 2.5 peresenti ndendende. Mukaika L = 0.820 m mu fomula ndi T yemwe uja, mupeza g = 9.81 m/s². Ndiye ndime yanu ikhoza kukhala chonchi:

"Miyeso yonse itatu inali yoposa 35.9 s, nthawi yomwe ikuyembekezeka pa L = 0.800 m. Kuchedwa kwa chala podina wotchi, komwe ndi pafupifupi 0.2 s, kungasinthe g ndi 0.1 m/s² yokha, choncho sikukwanira kufotokoza kusiyana kwa 0.24 m/s². Chifukwa chomwe chikuoneka chachikulu ndi kayezedwe ka L. Kutalika kunayezedwa kufika pamwamba pa mpira osati pakati pake, zomwe zinachepetsa L ndi 0.020 m. Pogwiritsa ntchito L = 0.820 m, g ikukhala 9.81 m/s²."

Werengani ndime imeneyi mokweza. Mukumveka munthu yemwe anali mu labu, anaganiza, n'kufika pa mfundo. Kukayika kulimo kamodzi, m'mawu akuti "chomwe chikuoneka chachikulu", ndipo kuli pamalo pake chifukwa simunabwereze ekisiperimenti kuti mutsimikize. Onaninso kuti ziganizo zake sizofanana kutalika. Chachiwiri ndi chachitali chifukwa chanyamula kulingalira, chachitatu ndi chachifupi chifukwa chikungoloza. Sindinachite kuwerenga mawu kuti zisiyane. Zimasiyana zokha chiganizo chilichonse chikamagwira ntchito yakeyake. Mu lipoti lanu loyamba pafupifupi chiganizo chilichonse chinali cha mizere iwiri, chifukwa chilichonse chinamangidwa pa chikombole chimodzi: mlumikizi, mneni wopanda kanthu, kenaka mchira wa "n'cholinga chofuna". Khutu limatopa ndi kugunda kofanana kotereku ngakhale diso lisanazindikire chomwe chavuta.

Pano ndikuchenjezeni, chifukwa kukonza ziganizo kuli ndi malire ake. Ine ndatengera kachithunzi kanu. Ngati mukukumbukira bwino kuti tsikulo munayezadi kufika pakati pa mpira ndipo chithunzicho munangojambula mothamanga, musalembe ndime ili pamwambayi ngakhale ikukoma bwanji. Lembani zoona: kuti kuchedwa kwa chala sikukwanira, kuti madigiri anali ochepa, ndi kuti chifukwa chenicheni sichinapezeke koma kayezedwe ka L ndi koyamba kuunikanso. Ndimeyo idzamvekabe ya munthu. Musasinthenso 9.57 mu tebulo la zotsatira kukhala 9.81. Zomwe munapeza zikhale momwe zinalili, kukonzako kuoneke m'gawo lokambirana, poyera.

Pali njira zina zingapo zomwe kukonza kumalakwikira, ndipo ndi bwino muzidziwe musanayambe. Yofala kwambiri ndi kusinthasintha mayina a zinthu pothawa kubwereza. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti m'chimangirizo kubwereza liwu ndi ulesi, ndiye wophunzira amalemba "mpira" m'chiganizo choyamba, "cholemera" m'chachiwiri, "chitsulo" m'chachitatu. Mu lipoti la sayansi zimenezi zimasokoneza, wowerenga amayamba kuganiza kuti panali zinthu zitatu. Chinthu chimodzi, dzina limodzi, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Choopsa kwambiri ndi pomwe mawu awiri akuoneka ofanana m'malankhulidwe a tsiku ndi tsiku koma mu sayansi ndi osiyana. Miyeso yanu itatu inali yoyandikana, yosiyana ndi 0.3 s yokha, koma yankho silinali lolondola. "Yoyandikana" ndi "yolondola" si mawu oti mungawasinthanitse pofuna kukometsa chiganizo, ndipo lipoti lanuli ndi umboni wake.

Ina ndi kukweza mphamvu ya zonena mosazindikira. Mukachotsa "mwina" onse, chiganizo chimatha kudumpha kuchoka pa "zikusonyeza" kufika pa "zatsimikizira". Miyeso itatu pa kutalika kumodzi sitsimikizira lamulo lililonse la chilengedwe. Mukamaliza kukonza chiganizo, chiikeni pambali pa chakale n'kudzifunsa ngati chatsopanocho chikulonjeza zambiri kuposa zomwe manambala angapirire.

Yachitatu ndi yomwe mukuiopa ija, kugwera m'macheza. Malire ake ndi osavuta kuwaona. "Tinangochikoka pang'ono n'kuchisiya, kenaka chinayamba kuyenda bwinobwino" ndi macheza, osati chifukwa mawu ake ndi afupiafupi, koma chifukwa "pang'ono" ndi "bwinobwino" alowa m'malo mwa manambala. Mukaonetsetsa, chiganizo chamachezachi ndi chouma chija zili ndi vuto limodzi: zonse ziwiri sizikunena kuchuluka. China chavala jekete, china malaya a kunyumba, basi. Siyaninso mawu a mmene munamvera, monga "mwatsoka", "chosangalatsa n'chakuti", "zinali zovuta kwambiri". Ngati panali povuta, nenani chomwe chinavuta: mpira unkazungulira m'malo moyenda mzere umodzi, kapena chingwe chinkaterera pomwe chinapanidwa.

Nthawi za aneni nazo ziyang'aneni, pakuti mu lipoti lanu zasakanikirana. Zomwe munachita ndi zomwe munapeza tsikulo zinatha, zikhale m'nthawi yakale: "unakokedwa", "inali 36.33 s". Zomwe zili zoona nthawi zonse zikhale m'nthawi yachizolowezi: "T imadalira L". Zomwe wowerenga akuziona papepala pomwepo zikhale m'nthawi yatsopano: "Tebulo 1 likusonyeza". Gawo la njira lisakhale malamulo okopedwa pa pepala la aphunzitsi, "mangani, kokani, yezani". Ilo limauza zomwe muyenera kuchita, lipoti limanena zomwe munachita, ndipo kawirikawiri ziwirizi zimasiyana penapake.

Za mawu oyamba ndi omaliza sindichulutsa. Chiganizo chanu chotsegulira, chonena kuti pendulamu ndi chinthu chofunika kwambiri pa sayansi ndi pa moyo wa munthu, chichotseni chonse. Yambani ndi cholinga: "Cholinga cha ekisiperimentiyi chinali kupeza g poyeza nthawi ya ulendo wa pendulamu." Chomaliza chija chakuti ekisiperimenti inayenda bwino ndipo inathandiza kumvetsa mozama mfundo zosiyanasiyana, chilowedwe m'malo ndi yankho la cholingacho: g yomwe inapezeka, kusiyana kwake ndi 9.81 m/s², chifukwa chake, ndi chinthu chimodzi choti chisinthidwe ulendo wina. Pa inu chinthucho ndi kuyeza L kufika pakati pa mpira, komanso kuyesa kutalika kosiyanasiyana, mwina kasanu, n'kujambula girafu ya T² ndi L. Ubwino wa girafuyo ndi wakuti g imachokera pa kupendekeka kwa mzere, ndipo kuphonya kokhazikika kwa 2.0 cm pa L iliyonse kumangosuntha mzerewo osasintha kupendekeka kwake. Chiganizo chonena zimenezi chidzaonetsa aphunzitsi kuti mwamvetsa, popanda inu kulemba liwu lakuti "kumvetsa".

Mmene mungagwirire ntchitoyi madzulo ano ndi motere. Musayambe ndi kukonza pa kompyuta liwu ndi liwu, chifukwa chiganizo chakale chimakoka chatsopano kuti chifanane nacho. Sindikizani lipotilo, ikani tsamba la manambala pambali pake, ndipo tengani ndime imodzi. Iwerengeni, tembenuzani pepala, kenaka fotokozani mokweza zomwe ndimeyo ikufuna kunena ngati mukuuza mnzanu wa m'kalasi yemwe anadwala tsikulo. Mudzadzimva mukunena kuti "tinayeza maulendo 20 katatu, zinatuluka 36 ndi kanthu". Lembani zomwe mwanenazo mmene zilili. Kenaka zivekeni: "36 ndi kanthu" akhale 36.33 s, mayina a zida akhale enieni, "tina-" asinthe ngati dipatimenti yanu sililola. Kuchoka pa zolankhula kukwera ku zovomerezeka n'kosavuta kusiyana ndi kutsitsa chiganizo chouma kuti chikhale chamoyo. Pomwe mwakanika kufotokoza ndi pakamwa, dziwani kuti vuto si la chilankhulo, pali china chomwe simunachimvetse, ndipo muyenera kubwerera ku buku kapena kwa aphunzitsi musanalembe.

Mukamaliza ndime zonse, dutsaninso kamodzi ndi cholinga chimodzi chokha: kufananitsa nambala iliyonse ya m'ziganizo ndi ya mu tebulo ndi ya patsamba lija, pamodzi ndi muyeso wake. Pokonza ziganizo ndi pomwe 0.800 m amasanduka 0.8 m kapena 80 m, ndipo 36.33 amatembenuka kukhala 33.63. Mu lipoti lomwe mwanditumizirali muli kale kamodzi kotere: pa tsamba lachitatu T yalembedwa 1.187 s m'malo mwa 1.817 s. Yambirani pamenepo.